Magazi kapena madzi akamatuluka m'khutu munthu atavulala m'mutu

Munthu akagwa pa njinga yamoto ya kabaza, akagundidwa ndi galimoto, akagwa mumtengo kapena akamenyedwa ndi chibonga m'mutu, maso a anthu onse amathamangira pa bala looneka. Bala la pamutu limatulutsa magazi ambiri ndipo limaopsa m'maso, koma nthawi zambiri limatha ndi kusoka basi. Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ife a zachipatala ndi kamzere ka magazi kotsika kuchokera m'kati mwa khutu, kapena timadzi toyera mbee timene tikudontha m'khutu kapena m'mphuno osaleka. Munthuyo akhoza kukhala akulankhula, akuyenda, mwinanso akukangana ndi amene wamugunda. Ngakhale zili choncho, timamuona ngati munthu amene wasweka fupa la pansi pa chibade mpaka sikani itasonyeza kuti sizili choncho.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi pamene khutu lakhala. Chimene timachiona kunjaku ndi kachigawo kochepa chabe. Ngalande ya khutu imalowa m'kati pafupifupi masentimita awiri ndi theka n'kukathera pa mwinikhutu, kanembanemba kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akafika. Kuseri kwa kanembanembako kuli kachipinda ka mpweya kokhala ndi timafupa titatu ting'onoting'ono, ndipo m'kati mwenimweni muli ziwalo zomvera mawu ndi zothandiza munthu kuima osadzandira. Zonsezi zakwiririka m'fupa limodzi lolimba kwambiri, ndipo fupa limeneli ndi gawo la pansi pa chibade, pamene ubongo wakhalapo. Denga la kachipinda ka mpweya kaja ndi fupa lopyapyala ngati chikhadabo, ndipo pamwamba pake penipeni pagona ubongo. Choncho pakati pa khutu ndi ubongo palibe mtunda.

Ubongo wakutidwa ndi zikopa zitatu, ndipo chakunja, cholimba kwambiri, chinamatirira ku fupa, makamaka pansi pa chibadepo. M'kati mwa zikopazi muli madzi oyera amene ubongo ndi mtsempha wa mumsana zimayandamamo. Pa fayilo ya wodwala madziwa amalembedwa kuti CSF. Munthu wamkulu amakhala ndi madziwa pafupifupi mamililita 150 nthawi iliyonse, ndipo thupi limapanga pafupifupi mamililita 500 patsiku, akale n'kumabwerera m'magazi. Fupa la pansi pa chibade likang'aluka, chikopa chomatiriracho chimang'ambikira limodzi, madzi aja n'kutsikira m'kachipinda ka khutu. Ngati mwinikhutu naye wang'ambika, amatulukira kunja tonse tikuona. Ngati sanang'ambike, amadzera kanjira kolumikiza khutu ndi kummero, ndipo munthuyo amamva timadzi tamcheremchere tikutsikira kukhosi, kapena timatulukira m'mphuno imodzi akawerama. Popeza thupi silileka kupanga madziwa, kudonthako sikuuma msanga ngati mmene bala wamba limachitira. Pilo amapezeka atanyowa m'mawa uliwonse.

N'zoona kuti si magazi onse otuluka m'khutu amene amachokera ku fupa losweka. Nthawi zina khutu lachekeka kunja, kapena magazi a bala la pamutu atsetserekera m'ngalande. Munthu akamenyetsa chibwano pansi, mutu wa fupa la nsagwada umatha kukankhira kumbuyo n'kung'amba khoma la kutsogolo la ngalande ya khutu. Mbama yamphamvu nayo imaphulitsa mwinikhutu. Koma pamsewu kapena kunyumba palibe amene angasiyanitse zimenezi ndi kusweka kwa chibade, ndipo ngakhale dokotala sangathe kutsimikiza ndi maso okha khutu litadzaza magazi. Mukapukuta kunja magazi n'kuyambiranso kutsika kuchokera m'kati, lekani kuganizira zifukwa zing'onozing'onozi.

Pali kayesedwe kena kamene anthu ambiri azachipatala anaphunzira: kudonthetsera magaziwo pa nsalu yoyera kapena pa pepala. Ngati asakanikirana ndi madzi a muubongo, magazi amatsala pakati ndipo kunja kwake kumazungulira mkombero wotuwa wa madzi. Mukauona mkomberowu pa pilo kapena pa malaya, auzeni achipatala. Koma musaudalire, chifukwa magazi osakanikirana ndi misozi, madzi apampopi kapena mamina amapanganso mkombero womwewo, ndipo kusaoneka kwake sikutanthauza kuti chibade chili bwino. Kuyeza shuga m'madziwo ndi kapepala nakonso kumanamiza pakakhala magazi. Umboni weniweni umachokera ku labotale, pofufuza puloteni yolembedwa kuti beta-2 transferrin, imene imapezeka m'madzi a muubongo koma osati m'mamina kapena m'misozi. Kuyeza kumeneku kumachitika m'malabotale akuluakulu okha, ndipo palibe wodwala amene ayenera kudikira zotsatira zake kuti athandizidwe.

Ngozi yake ili pawiri

Chimene chingaphe munthu usiku woyamba si khutulo ayi. Fupa lozungulira khutu ndi limodzi mwa mafupa olimba kwambiri m'thupi, ndiye mphamvu imene yalisweka yagwedezanso ubongo koopsa. Ambiri mwa anthu osweka fupa limeneli amapezekanso ndi vuto lina m'kati mwa mutu: ubongo wosupuka, wotupa, kapena magazi oundana. Komanso nkhonya ya m'mbali mwa mutu imene imathyola fupa la khutu imadutsa pafupi ndi malo ena opyapyala, pakati pa diso ndi khutu, pamene kunsi kwa fupa kumayenda mtsempha wamagazi wothamanga. Mtsemphawu ukaduka, magazi amayamba kudzikundikira pakati pa fupa ndi chikopa cha ubongo. Chibade sichifutukuka. Magazi akamachuluka, chimene chimapanikizika ndi ubongo. Akapitirira mamililita 30, omwe ndi masupuni akuluakulu awiri okha, madokotala a opaleshoni ya mutu amafuna kuwachotsa ngakhale wodwalayo akulankhula.

Choipa cha kukha magazi kotereku n'chakuti kumapereka kanthawi konyenga. Munthu amakomoka kwa mphindi zochepa, amatsitsimuka, amadzuka n'kunena kuti ali bwino, kenaka patapita ola limodzi kapena maola angapo amayamba kufooka. Si onse amene amadutsa m'kanthawi kameneka, koma amene amadutsamo ndi amene amafera kunyumba, abale akuganiza kuti wagona tulo. Chomvetsa chisoni n'chakuti opaleshoni yake ikachitika nthawi yabwino, ambiri amachira n'kubwerera ku ntchito zawo.

Ngozi yachiwiri imabwera mochedwerapo, patapita masiku. Mpata umene madzi akutulukira ndi womwewo umene tizilombo tingalowere. M'khutu, m'mphuno ndi kummero mumakhala mabakiteriya nthawi zonse, ndipo akafika m'madzi a muubongo amayambitsa matenda oumitsa khosi. Mabakiteriya amene amapezeka kawirikawiri ndi mtundu womwe uja umayambitsa chibayo. Madzi ambiri otuluka m'khutu chifukwa cha ngozi amaleka okha pasanathe masiku 7, chikopa chikadzimata. Akapitirira masiku 7 akudonthabe, chiopsezo cha matendawa chimakwera kwambiri.

Apa m'pamene chifundo cha anthu chimapweteka wovulala. Munthu akaona magazi akutuluka amafuna kuwatseka, ndiye amapota thonje, tishu kapena kansanza n'kukankhira m'khutu. Ena amathiramo madzi kuti atsuke, ena mafuta ophikira, madzi a masamba kapena mankhwala odonthezera m'khutu amene anatsala m'nyumba. Ena amatokosa magazi oundana ndi kamtengo ka machesi. Chilichonse mwa izi chimakankhira litsiro ku mpata wopita ku ubongo. Chotsekera chimasunga madzi ofunda osakanikirana ndi magazi m'ngalande, momwe mabakiteriya amaswana bwino, ndipo sichiletsa kukha magazi kwa m'kati mwa chibade ngakhale pang'ono. Khutu lisiyeni lizidontha. Ikani gozi kapena nsalu yoyera yochapa kunja kokha, kuphimba khutu lonse mosakanikiza, n'kuigwiriza ndi pulasitala kapena bandeji yomasuka. Ikanyowa, sanjikizani ina kapena isintheni, ndipo yonyowayo muisunge kuti achipatala akaione.

Tiyerekeze ndi mnyamata wa kabaza

Tiyerekeze kuti mnyamata wa zaka 24 wagwa pa njinga yamoto 6 koloko madzulo, alibe helemeti, ndipo wamenyetsa mbali ya kumanja ya mutu pa tala. Wakomoka kwa mphindi ziwiri. Atatsitsimuka akudziwa dzina lake koma sakukumbuka mmene wagwera, ndipo akufunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza: njinga yanga ili kuti? M'khutu la kumanja mukutsika magazi opyapyala, otumbululuka, osaundana msanga. Akuti khutulo latsekeka ndipo likulira.

Choyamba n'kumuletsa kudzuka. Mphamvu yoswa chibade ikhoza kuthyolanso khosi, ndipo munthu wosokonezeka mutu sangakuuzeni bwino pamene pakumupweteka. Munthu mmodzi agwade kumutu kwake, aike manja mbali zonse ziwiri za mutu n'kuugwira kuti ukhale molunjika ndi thupi, osaukoka, osaupotoza, komanso osatseka khutu lovulalalo. Akanakhala kuti wavala helemeti ndipo akupuma bwino, mukanaisiya. Imavulidwa pokhapokha ngati akusanza kapena akulephera kupuma, ndipo pamafunika anthu awiri, wina atagwira khosi.

Chachiwiri ndi kupuma. Ubongo wovulala umaonongeka kachiwiri ukasowa mpweya, ndipo nthawi zambiri chimene chimatseka mpweya ndi lilime, magazi kapena masanzi. Akayamba kusanza, kapena akakomoka n'kumachita nkonono, mutembenuzeni chammbali thupi lonse nthawi imodzi, anthu atatu kapena anayi, wogwira mutu ndiye akuwerenga kuti onse atembenuze pamodzi. Ngati n'kotheka, khutu lodonthalo likhale pansi. Musapinde khosi lokha n'cholinga choti khutu likhe. Bala lina lililonse lokha magazi kwambiri, monga la pamwendo, likanikizeni mwamphamvu, chifukwa magazi akachepa m'thupi ubongo umavutikanso. Bala la pamutu likanikizeni mosamala, ndipo ngati fupa likumveka lolowa m'kati, kanikizani m'mphepete mokha.

Musamupatse madzi, chakudya kapena mowa, ngakhale apemphe, chifukwa akhoza kutsamwa komanso mwina akufunika opaleshoni. Musamupatse asipulini, bulufeni kapena indosidi: mankhwala amenewa amalepheretsa magazi kuundana bwino. Musamuthire madzi kumutu kuti atsitsimuke.

Wina alembe pa foni kapena papepala zinthu zochepa: nthawi imene wagwa, mphindi zimene anakomoka, kangati wasanza, ndi ngati wagwedezeka ngati wakhunyu. Muuzeninso kuti atsinzine mwamphamvu ndi kuonetsa mano, ndipo muone ngati mbali zonse za nkhope zikuyenda mofanana. Kanthu kameneka kamaoneka kakang'ono koma tidzaona kutsogoloku chifukwa chake dokotala adzakufunsani.

Ponyamula, mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, mupinde zitenje ziwiri n'kuziika mbali ndi mbali ya mutu, ndipo ayende chogona m'ambulansi kapena m'galimoto imene angatambasukemo. Kumukhazika pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto ina, mutu ukulendewera, n'kumene kumamaliza khosi losweka. Pitani kuchipatala kaye. Za kupolisi ndi za amene walakwa zichitike pambuyo, kapena apite wina.

Tsono tiyerekeze kuti sizinayende choncho. Anzake amukweza n'kukamutula kunyumba chifukwa akulankhula. Pofika 8 koloko akudandaula kuti mutu ukuwawa kwambiri ndipo wasanza kawiri. 9 koloko akusinza, akuyankha ndi liwu limodzi basi akagwedezedwa. Ngati anamwako mowa masana, aliyense akuti n'kuledzera, agone kaye. Apa m'pamene anthu ambiri amatayikira. Munthu woledzera amanka natsitsimuka maola akamapita, pomwe wokha magazi m'mutu amanka namira. Fungo la mowa pakamwa si chifukwa chochedwera, ndipo munthu woledzera amene wavulala m'mutu amafunika kumuyang'anira kwambiri kuposa wosamwa. Pofika 10 koloko mwanadiso wa kumanja wakula ndipo sakuchepa mukamuunika ndi tochi, dzanja ndi mwendo wa kumanzere zafooka, kupuma kwasokonekera, mtima ukugunda pang'onopang'ono. Zizindikiro zimenezi zikutanthauza kuti ubongo wakankhidwira pansi, ndipo nthawi imene yatsala ikuwerengedwa m'mphindi. Chizindikiro choyamba chinaoneka 6 koloko, pa khutu paja.

Zimene zimachitika kuchipatala

Achipatala amayamba ndi njira ya mpweya, kupuma ndi kuthamanga kwa magazi, khosi lili lotetezedwa, ndipo khutu amalibwerera pambuyo. Amapereka okosijeni ndi dilipi ngati zikufunika, chifukwa nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi ikatsika pansi pa 90 ngakhale kamodzi, mwayi wochira bwino umachepa. Kenaka amayeza kutsitsimuka kwa munthu pa sikelo ya Glasgow, imene imaona mmene akutsegulira maso, mmene akulankhulira ndi mmene akusunthira ziwalo. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu amapeza 3. Mnyamata wathu uja pa 6 koloko akanapeza 14, chifukwa cha kusokonezeka kokha. Wopeza 8 kapena kutsika pamenepo sangathe kuteteza njira yake ya mpweya ndipo amafunika kuikidwa paipi yopumira. Nambala imodzi siinena zambiri. Chofunika n'kuibwereza, poyamba mphindi 30 zilizonse, pamodzi ndi kuunika maso, kuti kutsika kuoneke msanga.

Kwa anamwino ndi makiliniko ofesa a m'zipatala zing'onozing'ono pali malamulo ochepa osafunika kuwaphwanya. Khutu lisatsukidwe ndi sirinji, lisapakidwe gozi m'kati, ndipo lisathiridwe mankhwala. Kuyang'anamo modekha ndi chounikira choyera n'kololedwa, koma magazi oundana asachotsedwe mokakamiza. Paipi iliyonse, ya m'mimba kapena yothandiza kupuma, isadzere m'mphuno mwa munthu amene akuganiziridwa kuti wasweka pansi pa chibade, chifukwa ikhoza kulowera pa mng'alu n'kukafika mu ubongo. Idzere pakamwa. Ndipo wodwalayu atumizidwe mwachangu, osadikira kuti ayambe wafooka.

Chimene akutumizidwira ndi sikani ya CT, makina ojambula bwino m'kati mwa mutu. Ekisire wamba wa mutu amaphonya ming'alu yambiri ya pansi pa chibade ndipo saonetsa magazi a m'kati n'komwe, choncho mawu akuti ekisire yatuluka bwino asakutonthozeni. Malangizo a ku Britain, amene maiko ambiri amatsatira, amati munthu wokhala ndi chizindikiro chilichonse cha kusweka kumeneku ajambulidwe pasanathe ola limodzi chionekereni. Kuno ku Malawi makinawa ndi madokotala a opaleshoni ya mutu amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kotero kwa munthu wa kutali ulendo wokha umadya maola. Ichi n'chifukwa china chosatayira mphindi kunyumba. Chipatala cha pafupi ndicho poyambira, chifukwa ndiko angatetezedwe mpweya, kuikidwa dilipi ndi kupatsidwa kalata ndi ambulansi. Palinso jakisoni wothandiza magazi kuundana, wolembedwa kuti TXA, amene kafukufuku wamkulu wa CRASH-3 wa mu 2019 anasonyeza kuti amathandiza ena mwa ovulala m'mutu akaperekedwa pasanathe maola atatu. Maola amenewo akadutsa, phindu lake silikhalaponso.

Sikani ikasonyeza magazi ambiri opanikiza ubongo, wodwala amapita ku opaleshoni. Ikasonyeza mng'alu wokha, fupalo silimangidwa kapena kuikidwa chitsulo, limalumikizana lokha. Wodwalayo amagonekedwa m'chipatala, kumutu kwa bedi kutakwezedwa pafupifupi madigiri 30 khosi likatsimikizika kuti lili bwino, kuti madzi asamakankhe pa chong'ambikacho. Amauzidwa kuti asamine, asamwe ndi kapaipi, asanyamule zolemera, ndipo akafuna kuyetsemula atsegule pakamwa. Kumina mwamphamvu kumakankhira mpweya ndi tizilombo m'kati mwa chibade kudzera m'kanjira ka kummero kaja. Amapatsidwa mankhwala ofewetsa chimbudzi kuti asamadzikakamize kuchimbudzi. Madzi akapitirira masiku 7 mpaka 10, madokotala amaganizira zoika kapaipi kumsana kochepetsa madziwo kwa masiku angapo, kapena opaleshoni yomata chibowocho.

Abale ambiri amadabwa kuti wodwala wawo sakupatsidwa maantibayotiki, ena mpaka amakagula okha. Kafukufuku amene anaphatikiza zoyesa zingapo sanapeze umboni woti kumwa mankhwalawa pasadakhale kumateteza matenda oumitsa khosi mwa anthu osweka pansi pa chibade. Madokotala amasiyana kachitidwe pa odwala ena, monga amene ali ndi bala lotseguka lofika pa fupa kapena amene khutu lawo linkatuluka mafinya kale, ndipo chisankho chimenecho n'chawo. Koma makapisozi a pa golosale sateteza chilichonse, amangobisa zizindikiro zoyamba.

Nkhope, kumva, ndi zobwera mochedwa

Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa m'kangalande kopapatiza m'fupa lomweli. Ukavulala, mbali imodzi ya nkhope imagwa: pakamwa pamapotokera mbali yabwino, diso silitsekeka, madzi amatayika pomwa. Apa m'pamene funso la pamsewu lija limagwira ntchito. Ngati nkhope inafa nthawi yomweyo ya ngozi, n'kutheka kuti mtsempha waduka kapena walasidwa ndi kachidutswa ka fupa, ndipo mwina pafunika opaleshoni. Ngati inali kuyenda bwino n'kudzafooka patapita tsiku kapena masiku angapo, nthawi zambiri ndi kutupa chabe, ndipo ambiri amachira ndi mankhwala ochepetsa kutupa. Wodwala akafika kuchipatala atakomoka, amene angayankhe funsoli ndi munthu amene anamuona poyamba. Pa nthawi yonse yodikira, diso losatsekekalo lizithiridwa mankhwala olinyowetsa ndi kumatidwa usiku, apo ayi limauma n'kuchita chilonda.

Kumva kumabwerera kapena ayi malinga ndi chimene chaonongeka. Magazi odzaza kuseri kwa mwinikhutu amatha okha m'milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo mwinikhutu wong'ambika kawirikawiri amadzimata pasanathe miyezi itatu bola khutu likhale louma, osasambira, osathira kanthu. Ngati pambuyo pake munthu sakumvabe, mwina timafupa titatu tija tagulukana, ndipo izi opaleshoni imatha kukonza. Mng'alu ukadutsa m'kati mwenimweni mwa khutu, kusamvako nthawi zambiri kumakhala kwa moyo wonse, ndipo kumabwera ndi chizungulire champhamvu chimene chimatha pang'onopang'ono m'milungu ingapo. Aliyense wovulala chonchi ayezedwe kumva pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo.

Zizindikiro zina za kusweka pansi pa chibade sizioneka tsiku loyamba. Khungu la kuseri kwa khutu, pa fupa lotumphuka lija, limada ngati lamenyedwa patapita tsiku limodzi mpaka atatu. Maso onse awiri amatha kuzunguliridwa ndi mdima wa magazi ngakhale sanagundidwe. Madzi nawo amatha kuyamba kudontha patapita masiku, magazi oundana amene anatseka chibowo akasungunuka. Choncho munthu amene anabwezedwa kunyumba tsiku la ngozi, akaona chimodzi mwa izi, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Muyang'aneni kuseri kwa makutu, pansi pa tsitsi, m'mawa uliwonse kwa masiku atatu oyamba. Ana aang'ono sanena kuti mutu ukuwawa. Mwana amene wagwa mumtengo, pakhonde kapena kumsana, ngati khutu likudontha, akusanza, akukana kuyamwa, akungogona kapena liwombo latukuka, athamangitsidwe kuchipatala chimodzimodzi. Okalamba ndi amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga wafalini amakha magazi m'mutu ngakhale atagwa pang'ono chabe, ndipo achipatala auzidwe za mankhwalawo pakhomo pomwe.

Mutu umene umawawa munthu akaimirira n'kuleka akagona umasonyeza kuti madzi a muubongo akutayikabe, mwina mobisika kudzera kummero. Umenewu ukanenedwe kwa dokotala. Koma mutu umene wabwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kudana ndi kuwala, kusanza kapena kubwebweta ndi nkhani ya ola lomwelo. Kuno kwathu kutentha thupi ndi mutu timafulumira kunena kuti ndi malungo, ndipo munthu amatha masiku awiri akumwa mankhwala a malungo pomwe matenda oumitsa khosi akukula. Ngakhale magazi atasonyeza malungo, munthu amene anasweka chibade angathe kukhala ndi matenda onse awiri nthawi imodzi. Amafunika maantibayotiki amphamvu odzera m'mitsempha, oyambidwa mwamsanga. Chibowo chimene chinadzimata mosalimba chimatha kulowetsa tizilombo patapita miyezi ngakhale zaka, choncho ngoziyo ilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo nthawi iliyonse akadwala mutu ndi kutentha thupi, iye kapena womuperekeza anene kuti anavulalapo m'mutu ndipo khutu linatuluka magazi kapena madzi.